Mayi wa nyali ndi Kachitsulo: momwe ntchito ikuyendera

Tsiku loyamba

Kanema amene tikupanga ndi wa masekondi 96. Tamugawa m'zidutswa 12 za masekondi 8 chilichonse, chifukwa pulogalamu yopanga vidiyo imene tikugwiritsa ntchito imalekeza pamenepo. Nkhani yake ndi yaifupi: usiku wa mkuntho nyali yotsogolera mabwato yazima, ndiye mayi amene amaikonza akukwera nsanja, kaloboti kake kakumutsatira pambuyo katanyamula nyali ya m'manja. Tilipo awiri pa ntchitoyi. Ine ndimalemba mawu ouza pulogalamu choti ijambule, amene ambiri amangowatchula kuti pulomputi. Mnzanga amajambula pamanja ndipo ndi iyeyo adzalumikize zidutswazo.

Ndayamba ndi kulakwa. Pofuna kufulumira, pa mayiyu ndinalemba dzina la mkazi wina wotchuka wa m'mafilimu, n'kuwonjezera kuti avale ovololo. Pulogalamu yakana, yati siingapange chithunzi cha munthu weniweni. Nditamuuza mnzanga anandifunsa kuti, "Achimwene, ikanavomera mukanatani? Mayi amenewo anakulolani kuti nkhope yawo ikwere nsanja yanuyo?" Ndinalibe poyankha. Nkhope ndi ya mwiniwake, ndipo kutchuka sikuisandutsa ya aliyense.

Tagwirizana kuti m'mapulomputi onse simudzalowa dzina la munthu weniweni, dzina la munthu kapena chinyama cha m'katuni ya eni, ngakhale dzina la kampani yojambula makatuni. Udindo umene uli ndi mwini mmodzi yekha, monga mtsogoleri wa dziko lakutilakuti kapena kaputeni wa timu yakutiyakuti, tauletsanso, chifukwa limenelo ndi dzina lomwelo lavala chipewa.

Tsiku lachiwiri

Lero ndinkaganiza kuti vuto latha popeza mayina tawachotsa. Ndinasiya kaye mayi uja n'kuyamba ndi kaloboti. Ndimalemba m'Chingelezi chifukwa ndi mmene pulogalamuyi imatsatira bwino tinthu ting'onoting'ono, ndipo ndinalemba izi:

```
small yellow boxy robot, big binocular eyes, tank treads, rusty, lonely, cute
```

Palibe dzina pamenepo ndipo pulogalamu sinakane chilichonse. Koma pa mavidiyo 4 amene inatulutsa, 3 anali ndi kaloboti kamene mwana aliyense amene anaonerapo katuni ina yotchuka angakatchule dzina pompopompo. Thupi la bokosi, maso awiri okhala pa kakhosi kowonda, kupendeketsa mutu mwachisoni, zonse zinalimo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kakhosiko sindinakalembe. Pulogalamu inadziwonjezera yokha, chifukwa inali itazindikira kale amene ndikunena.

Ndakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana mzere umenewu, ndipo ndavomereza kuti sindinalenge kanthu. Ndinafotokoza kaloboti ka eni kamene kanali kale m'mutu mwanga, n'kungobisa dzina. Mapulogalamu amenewa anaphunzira pa zithunzi ndi mavidiyo ambirimbiri okhala ndi mawu owafotokoza. Chinthu chotchuka chimapezeka m'menemo kambirimbiri, ndiye mawu amene amayenda nacho nthawi zonse amasanduka ngati njira yopondedwa kwambiri. Ukaponya mawu atatu kapena anayi a njira imeneyo pamodzi, pulogalamu imangotsetserekera komweko. Mawu akuti "yellow" paokha alibe vuto, ndipo "tank treads" paokha alibenso vuto. Vuto ndi kuwasonkhanitsa ndi maso ooneka ngati magalasi oonera patali.

Apa ndi pamene ndaona kuti kusakana kwa pulogalamu si chilolezo. Chotchinga chake chimagwira mayina mosavuta, koma kufotokoza kopanda dzina nthawi zambiri kumadutsa. Woyankha mlandu kanemayo akatuluka ndi ifeyo.

Ndinayesa njira yachidule, yosintha mtundu kukhala wobiriwira. Kanatuluka kaloboti komweko kopakidwa penti wina. Mnzanga anatenga chithunzicho n'kuchidetsa chonse kuti patsale mthunzi wake wokha, wakuda bii, n'kundionetsa. Ngakhale popanda mtundu uliwonse, kankadziwikabe. Kuyambira lero muyeso wathu ndi umenewu: ngati mthunzi wokha ukutikumbutsa chinthu cha eni, ndiye kuti sitinasinthe kalikonse.

Tsiku lachitatu

Sitinatsegule pulogalamu m'pang'ono pomwe. Tinakhala ndi pepala ndi pensulo.

Funso tinalisintha. M'malo mofunsa kuti kalobotika kazioneka ngati chiyani, tinafunsa kuti kamagwira ntchito yanji ndipo anakapanga ndani. Mayankho ake ndi amene anabala maonekedwe. Kamakwera masitepe ozungulira a m'nsanja, ndiye matayala sangathandize, kakufunika miyendo. Anakapanga ndi mayi yemweyo kuchokera ku zinthu zotayidwa, ndiye thupi lake ndi ketulo yakale ya kopa yophwanyika mbali imodzi. Ntchito yake ndi kunyamula nyali, ndiye pamutu pake pali ngowe. Maso awiri aakulu tinawakana dala, chifukwa ndi amene amakokera ku maloboti a m'makatuni odziwika. Tinaika kampata kamodzi kopyapyala kowala mobiriwira. Miyendo tinaipanga itatu. Dzina lake pakati pathu ndi Kachitsulo.

```
knee-high robot, dented copper kettle-shaped body, three thin jointed legs,
one narrow green light slit instead of eyes, a hook on top holding a lantern
```

Mawu akuti "cute" ndi "lonely" ndawachotsa. Mawu oterewa sauza pulogalamu choti ijambule. Amaisiyira mpata woti idzaze ndi zimene inazolowera, ndipo zimene inazolowera ndi za eni. Kusungulumwa kwa Kachitsulo kudzaoneka m'zochita zake, monga kuima pa sitepe n'kudikira, osati m'mawu ofotokoza thupi lake.

Mayi uja tinamumanganso chimodzimodzi. Ndi munthu amene wakhala akukwera makwerero zaka 30, choncho ndi wamfupi, wa mapewa otambalala. Tsitsi ndi la imvi, lometa lalifupi kuti lisakodwe m'zitsulo. Ali ndi kachipsera kakupsa pa nsagwada ya kumanzere, ka tsiku lina limene nyali inamuphulikira. Ovololo yake ndi yobiriwira yosuluka, ya chigamba chotuwa pa chigongono cha kumanja pamene amatsamira pogwira ntchito. Mnzanga anawonjezera mpata pakati pa mano akutsogolo, ati kuti akamwetulira kumapeto tidziwe kuti ndi yemweyo.

```
woman about 55, dark brown skin, short and broad-shouldered, long face,
wide nose, gap between front teeth, close-cut grey hair,
small burn scar on her left jaw, faded green overalls,
grey patch on the right elbow
```

Ndinafuna kulembamo zambiri, mpaka nsidze ndi makutu, koma ndadziletsa. Zizindikiro zikachuluka kwambiri pulogalamu imagwira zoyambirira n'kutaya zakumapeto, kapena kuzisakaniza. Ndasankha zochepa zimene zimaoneka ngakhale munthu ali patali kapena watembenuka.

Tsiku lachinayi

Kachitsulo katuluka bwino ulendo woyamba womwe. Mthunzi wake sukutikumbutsa chilichonse.

Mayi ndiye anativuta, ndipo cholakwa chinali changa kachiwiri. Kumapeto kwa pulomputi ndinawonjezera mawu akuti "beautiful" ndi "movie star look" poganiza kuti akometsa chithunzi. Zaka 55 zija zinatsika kufika ngati 35, imvi zinatsala pang'ono chabe m'mbali, mpata wa mano unatsekeka, ndipo nkhopeyo inayamba kufanana ndi akazi a pa zikwangwani za mafilimu. Sinali ya munthu mmodzi amene ndingamutchule, koma inali pafupi ndi angapo. Nditachotsa mawu awiriwo n'kusiya ofotokoza kuwala okha, mayi wathu anabwerera ndi makwinya ake.

Pali chinthu china chimene ndinayesa ndipo sindidzabwerezanso. Poopa kuti nkhope ingafanane ndi mkazi wotchuka wa tsiku loyamba uja, ndinalemba m'pulomputi kuti isafanane naye, n'kutchula dzina lake. Pulogalamu inakananso, chifukwa dzina lilimo basi. Ngakhale ikanavomera, mapulogalamu amenewa samva bwino mawu okana. Dzina ukalilemba limakoka chithunzi, kaya patsogolo pake pali "not" kapena ayi. Malo olembamo zosafunika alipo, pa bokosi lolembedwa `negative prompt`, ndipo m'menemo ndikuikamo zinthu osati anthu: `logo, text, treads, round eyes`. Mawu akuti `logo` ndawaika chifukwa pa ovololo ina panatuluka kachizindikiro pachifuwa kofanana ndi ka kampani ina ya zovala, popanda wokapempha.

Tsiku lachisanu

Mnzanga anabwera ndi funso labwino: nanga bwanji anthu a m'makatuni akalekale, amene nthawi ya umwini wawo inatha? Tinakambirana kwa kanthawi ndipo ndilemba apa kuti tisadzabwererenso.

Malamulo a umwini wa zaluso amateteza mmene chinthu chaumbidwira, osati ganizo lake. Ganizo la loboti yaing'ono yothandiza munthu lilibe mwini, aliyense angalitenge. Koma loboti yakutiyakuti, ya thupi lakutilakuti ndi maso akutiakuti, ili ndi mwini. Pangano la ku Berne, limene linayamba mu 1886 ndipo mayiko ambiri analowamo, limati chitetezo chikhale cha moyo wonse wa wopanga kuwonjezapo zaka zosachepera 50, ndipo mayiko ena amafikitsa 70. Nthawiyo ikatha chinthucho chimakhala cha onse, koma pali msampha. Mickey Mouse wa mu 1928 anamasuka ku America pa 1 Januwale 2024, koma amene anamasuka ndi wa chaka chimenecho yekha. Maonekedwe amene anawonjezedwa m'zaka za pambuyo akadali ndi mwini, ndipo iyeyo akadali chizindikiro cha malonda cha kampani yake. Tsono ukalemba dzinalo m'pulomputi, pulogalamu siisiyanitsa zaka. Ingathe kukupatsa wa masiku ano, amene inamuona kambiri. Ife tasankha kusayandikira n'komwe.

Nkhope ya munthu wamoyo ndi nkhani ina. Apa vuto si umwini wa zaluso koma ufulu wa munthu pa nkhope, dzina ndi mawu ake, ndipo malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko. Dera la Tennessee ku America, mwachitsanzo, linakhazikitsa lamulo mu 2024 loteteza ngakhale mawu a munthu kuti asakoperedwe ndi makina popanda chilolezo. Kwa ife izi zikutanthauza kuti tikadzafika pa mawu a mayi wathu, sitidzapempha pulogalamu kuti ayankhule ngati wakutiwakuti. Tidzafotokoza kuti ndi mawu otsika, osasa pang'ono, osathamanga.

Munthu wosatchuka nayenso ali ndi ufulu womwewo. Ndinali nditaganiza zolowetsa chithunzi cha azakhali anga kuti chikhale poyambira nkhope, chifukwa mapewa a mayiyu ndinawatengera kwa iwo. Ndasiya. Akanavomera mwina, koma sakanadziwa kuti avomera chiyani, chithunzi chawo chikasungidwa kuti, ndi kuti nkhope yawo izikachita zimene iwo sanachite. Kutengera mapewa pa munthu amene umamudziwa n'kuwafotokoza m'mawu ndi zimene olemba nkhani amachita kuyambira kale. Kulowetsa chithunzi chake m'makina ndi chinthu china.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mpaka lachisanu ndi chitatu

Masiku atatu amenewa apita pa vuto limene limabwera ukasiya anthu otchuka. Munthu wotchuka pulogalamu imamudziwa, ndiye amatuluka yemweyo m'chidutswa chilichonse. Wathuyu siimudziwa. Chidutswa chilichonse imachipanga pachokha, osakumbukira cham'mbuyo. M'chidutswa chachitatu ndinangolemba kuti "the lamp woman climbs the stairs" poganiza kuti yamuzolowera, ndipo panatuluka mtsikana wamtali wa tsitsi lalitali atavala diresi. Dzina limene tamupatsa ndi lathu ife, kwa pulogalamu ndi phokoso chabe.

Chimene chathandiza choyamba ndi kusunga mafotokozedwe awiri aja m'fayilo imodzi n'kumawakopera mmene alili, osasintha ngakhale liwu limodzi. Ndinaona kufunika kwake nditalemba "silver hair" m'malo mwa "grey hair" m'chidutswa chimodzi. Tsitsi linatuluka lonyezimira, lopesedwa bwino, ndipo nkhope yonse inasintha nalo. Tsopano pulomputi iliyonse imayamba ndi mafotokozedwe a munthu, kenako chimene akuchita, kenako malo, kamera ndi kuwala. Zosintha ndi zakumapetozo zokha.

Chachiwiri ndi chithunzi choyambira. Mnzanga anajambula mayiyu pamanja kuchokera kutsogolo, chammbali ndi chakumbuyo. Kuchokera pa zojambula zakezo tinapanga chithunzi chimodzi choima chimene tonse tinachivomereza, ndipo ndi chimenecho timalowetsa pa chidutswa chilichonse pamodzi ndi mawu. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Tisanayambe kutero, pa mavidiyo 10 ndinkasunga 2 kapena 3. Tsopano ndikusunga 6 kapena 7. Nambala ya `seed`, imene pulogalamu imayambirapo popanga vidiyo, ndinayesanso kuisunga imodzimodzi, koma imathandiza pokhapokha pulomputi ikakhala yosasintha kwenikweni. Ukasintha malo ndi zochita, nkhope imasunthabe.

Pali zolakwika zimene zikubwerabwera ndipo ndaphunzira kuziyang'ana dala. Chipsera chimadumphira ku nsagwada ya kumanja mayi akatembenuka, chifukwa pulogalamu imasokoneza kumanzere kwa munthu ndi kumanzere kwa woonera. Chigamba cha pa chigongono chimazimiririka mkono ukapindika. Kachitsulo kamamera mwendo wachinayi pakati pa kuyenda, popeza pafupifupi chilichonse chimene pulogalamu inaona chikuyenda chili ndi miyendo iwiri kapena inayi. Izi siziwoneka ukamaonera vidiyo ikuthamanga. Pa zithunzi 24 pa sekondi, chidutswa cha masekondi 8 chili ndi zithunzi 192, ndipo mwendo wachinayiwo ungakhalepo pa zithunzi 10 zokha. Ndimaimitsa vidiyo poyambira, pakati, pomaliza ndi paliponse pamene munthu watembenuka.

Choopsa kuposa zonsezi chinachitika pa chidutswa chachisanu ndi chiwiri. Kamera inali patali, Kachitsulo kakuoneka kakang'ono m'mdima, ndipo kampata kobiriwira kaja kanagawanika n'kukhala maso awiri ozungulira. M'masekondi awiri omaliza kanali katabwerera ku kaloboti ka eni ka tsiku lachiwiri. Pamene pulogalamu ikusowa tsatanetsatane, monga patali kapena mumdima, imathawira ku zimene inazolowera. Tachijambulanso chidutswacho kamera ili pafupi, nyali ikuwalitsa thupi la ketulo.

Mnzanga anafunsa ngati sitingangolola miyendo inayi kuti tipume. Ndinamupempha kuti tiisunge itatu. "Achemwali, miyendo imeneyi ndi imene ikuchititsa kuti kakhale kathu," ndinatero. Anavomera, koma anati zidutswa zimene kakuyenda nthawi yaitali tizifupikitse, ndipo wanena zoona. M'zidutswa ziwiri tsopano kamangoponda masitepe atatu kenako kamera imapita pa manja a mayi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi

Lero linali tsiku loyesa ngati anthu athu ndi athudi. Ndinatenga zithunzi 5 za nkhope ya mayi kuchokera m'zidutswa zosiyana, ndi 5 za Kachitsulo, n'kuzilowetsa m'malo ofufuzira pa intaneti pogwiritsa ntchito chithunzi. Za Kachitsulo zinabweretsa maketulo ndi nyali zakale. Za mayi zinabweretsa amayi osiyanasiyana a imvi, popanda nkhope imodzi yobwerezabwereza. Pakanatuluka munthu mmodzi yemweyo kangapo, tikanasintha mpangidwe wa nkhope, osati tsitsi lokha.

Kufufuza kotere kuli ndi malire, chifukwa sikuona aliyense wa padziko, ndipo nkhope yopeka ingafanane ndi munthu wina mwangozi. Choncho tinaonetsanso anthu 6 amene sadziwa za ntchitoyi, aliyense payekha, n'kufunsa funso limodzi: ameneyu akukukumbutsani ndani? Sitinafunse ngati akufanana ndi wakutiwakuti, chifukwa ukatchula dzina munthu amayamba kuliona. Asanu anati palibe. Mmodzi anati mayiyu akumukumbutsa aphunzitsi ake akale. Zimenezo sizikundidetsa nkhawa, chifukwa ndi munthu mmodzi akukumbukira wa m'moyo wake. Akanakhala awiri kapena atatu otchula munthu mmodzi wodziwika, ndiye tikanabwerera pa pepala.

Zojambula za pamanja za mnzanga, mafotokozedwe onse kuyambira olakwika aja, ndi masiku amene tinasinthira chilichonse, ndazisunga mu foda imodzi. Wina akadzafunsa kuti Kachitsulo kanachokera kuti, tidzamuonetsa pepala limene ketulo inayamba kumera miyendo.

Tsiku lakhumi

Zidutswa 9 mwa 12 zatha ndipo tazivomereza. Chachisanu ndi chiwiri chojambulidwanso chija chadutsa. Zatsala zitatu, ndipo chovuta ndi chomaliza, pamene nyali yayaka ndipo mayi akumwetulira kamera ili pafupi ndi nkhope. Ndayesa ka 8, ndipo ka 6 mpata wa mano watsekeka pamene milomo ikutseguka. Pa awiri otsalawo mpata ulipo koma chipsera chapita kumanja. Mawa mnzanga ajambula nkhope yomwetulira kale, mpata ndi chipsera zili m'malo mwake, kuti chikhale chithunzi choyambira cha chidutswa chimenechi chokha, ndipo ine ndisunthira mawu akuti "gap between front teeth" kutsogolo kwenikweni kwa pulomputi ndione ngati agwira. M'chidutswa cha 11 muli bwato patali lokhala ndi anthu awiri, ndipo amenewo sitinawalembere mafotokozedwe. Ndiwalembera usiku uno, ngakhale akuoneka kwa masekondi atatu okha.